Loko Wamkulu pa Nkhokwe Yopanda Chimanga

Popeza amene munali m'chipinda chija mwayamba kale kuikometsera nkhaniyi, mpaka ena akuti ndinakomoka, bola ndiifotokoze ndekha. Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi mofulumirirapo.

Ndipo chionetsero chija ndinachiitanitsa ndine, palibe anandikakamiza. Odita atafunsa abwana ngati tili ndi bakapu ya detabesi, yankho loti "ee, ilipo" linali lokwanira. Koma ine ndinati ayi, tisangolankhula pakamwa, bwerani mudzaone ndi maso. Ndinabwereka pulojekita. Ndinavala tayi, Lachitatu, popanda ukwati kapena maliro.

Chimene ndinkanyadira chinali ichi, chomwe `cron` inkayendetsa usiku uliwonse:

```
F=$(date +%F).sql.gz.gpg
pg_dump -h seva2 sitolo | gzip | gpg -e -r bakapu > $F && echo "YATHEKA" | mail -s bakapu ine
rclone copy $F kunja:mabakapu
rclone delete --min-age 30d kunja:mabakapu
```

Kwa amene si a ntchitoyi: `pg_dump` imakopera detabesi yonse, `gzip` imaifinya kuti ichepe, `gpg` imaikhoma loko, kenako `rclone` imaitumiza ku seva za kunja, zimene timati kilaudi, kuti ofesi ikapsa kapena akuba akanyamula makompyuta, zinthu zikhale zili kwina. Mzere womalizawo umafufuta zimene zapitirira masiku 30, chifukwa malo a m'kilaudi ndi olipira, ndipo amalipiridwa m'madola.

Za loko zokha ndinazikonza bwino, zimenezo musandilande. Makiyi a `gpg` amakhala awiri: wina wokhomera, wina wotsegulira. Pa seva ndinasiyapo wokhomera yekha. Wotsegulira ali pa kafulashi m'sefa ya akawuntanti, pasiwedi yake ili mu envulopu yomata kwa abwana. Wakuba atalowa pa seva, kapena atapeza mafayilo athu m'kilaudi, angangoona zilembo zosokonekera ngati nkhuku yapalasa.

M'mawa uliwonse imelo inkabwera: YATHEKA. Ndinkaiwerenga ndikumwa tiyi, mtima uli m'malo. Mu Meyi abwana anandiyamikira pamsonkhano kuti bilu ya kilaudi yatsika kwambiri. Ndinagwedeza mutu modzichepetsa, n'kunena kuti ndi nkhani ya kafinyidwe kabwino. Ndinanenadi zimenezo, ndi pakamwa panga pomwepa, anthu n'kuwomba m'manja.

Ndiye tsiku lija lafika. Abwana akhala kutsogolo, odita ali pambali ndi kabuku kake, akawuntanti agwira kafulashi ngati mkate wa mgonero. Ndinakoka fayilo ya usiku wapitawo kuchokera ku kilaudi. Inatsika ndisanachotse chala pa batani. Kale fayilo imeneyi inkakhala ya mamegabayiti pafupifupi 400, ndipo ndi intaneti yathu munthu unkatha kupita kukagula mandasi n'kubwerako isanathe. Wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinatembenuka n'kunena kuti, "Mwaona bwana, laini yatsopano ija ikuthamanga."

Envulopu inang'ambidwa. Pasiwedi ndinailemba pang'onopang'ono, mwaulemu, chala chimodzichimodzi. Loko anatseguka bwinobwino. Ndinapanga detabesi yoyeserera n'kuthiramo bakapu ija:

```
createdb mayeso
gpg -d 2024-07-16.sql.gz.gpg | gunzip | psql mayeso
```

Sekondi imodzi, yatha. Palibe dandaulo, palibe chofiira chilichonse. Odita anati, "Basi?" Ine ndinati, "Basi, achimwene. Ukakonza bwino zinthu sizichedwa." Kenako, kuti ndimalize mwaulemerero, ndinalowa mu `psql` n'kulemba `\dt` kuti matebulo onse aonekere pakhoma.

```
Did not find any relations.
```

Anzanga, pulojekita imakulitsa zinthu. Mawu amenewa pa laputopu ndi tizilembo tating'ono toti ukhoza kutiphimba ndi chala. Pakhoma lija chilembo chilichonse chinali ngati njerwa. M'chipinda munangoti zii. Ndinkamva kafani ka pulojekita, ndinkamva wotchi ya odita, ndinamvanso kondakitala wa minibasi akuitanira anthu kumsewu, ndipo mtima wanga unafuna kukwera, kulikonse kumene inkapita. Ndinalembanso `\dt`, ngati kuti poyamba kompyuta sinamve bwino. Inayankha chimodzimodzi. Ndinalemba kachitatu, mwamphamvu. Akawuntanti, amene Chingelezi chawo ndi chabwino koma za detabesi alibe nazo ntchito, anawerenga mokweza n'kufunsa mwachifundo kuti, "Akuti sanapeze achibale? Achibale a ndani?" Tayi ija inayamba kundikanyanga pakhosi. Abwana anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso, mwina poganiza kuti vuto ndi magalasi. Odita analemba kanthu kakafupi kwambiri m'kabuku kake, n'kukadula mzere kunsi kawiri.

Ndinati mwina ya dzulo yokha ndiyo yavuta, tiyeni tione zina. Apa ndiye ndinadzikumbira dzenje ndekha. `rclone ls` inandandalika mafayilo onse 30 pakhoma, ndi kukula kwake pambali. Iliyonse mabayiti pafupifupi 600. Osati mamegabayiti, osati makilobayiti. Mabayiti. Uthenga wa pafoni wopempha ngongole umaposa pamenepo.

Chimene chinachitika ndinachipeza madzulo, anthu atapita, tayi ili m'thumba. Mu Malichi tinasamutsira detabesi pa seva yatsopano ya PostgreSQL 15. Sikiripiti yanga inatsala pa kompyuta yakale, pomwe `pg_dump` yake ndi ya 13. Ndinasintha adiresi ya seva, n'kuiwala kuti `pg_dump` yakale imakana kukopera seva yoiposa msinkhu. Imanena poyera:

```
pg_dump: error: aborting because of server version mismatch
```

Inkanena zimenezi usiku uliwonse kwa miyezi inayi. Kungoti mu `crontab` ndinali nditaika `2>/dev/null` kumapeto kwa mzere, chifukwa timauthenga ta `cron` tinkanditopetsa. Ndinachita ngati munthu amene wamanga pakamwa pa galu kuti agone bwino, mawa n'kumadabwa kuti nkhuku zapita bwanji.

Tsono tsatirani ulendo wa chinthu chopanda kanthucho. `pg_dump` yafa osatulutsa kalikonse. `gzip` sifunsa mafunso: yalandira zero, yafinya zero, yatulutsa kafayilo ka mabayiti 20, kamene ndi mutu ndi mchira chabe. `gpg` yalandira mabayiti 20 aja, yawakhoma loko mwaluso lonse, n'kuwonjezerapo chikuta chake, ndiwo 600 aja. Ndipo mu mzere wolumikiza ndi `|`, kupambana kapena kulephera kwa mzere wonse kumatengedwa kwa womaliza yekha. Womaliza ndi `gpg`, ndipo `gpg` sinalakwe. Choncho YATHEKA. `rclone` nayo inanyamula mokhulupirika zimene inapatsidwa. Pobwezeretsa, `psql` ukaipatsa fayilo yopanda kanthu imachita zonse zimene zalembedwamo, kutanthauza palibe, n'kutuluka mosangalala. Aliyense anagwira ntchito yake bwino. Anali maliro onyamula bokosi lopanda mtembo, nyimbo zikuimbidwa bwinobwino mpaka kumanda.

Chowawa kwambiri ndi mzere womaliza uja. Mabakapu enieni a mu Febuluwale ndi Malichi analipo m'kilaudi. Usiku uliwonse sikiripiti yanga inkaikamo kabokosi kopanda kanthu, n'kutaya bokosi limodzi lodzaza lomwe lakwanitsa masiku 30. Pofika mu Epulo lomaliza linapita. Bilu inatsika. Ndinawomberedwa m'manja.

Tsopano mundimve, chifukwa pali mfundo imene oseka simukuiganizira. Fayilo yokhomedwa loko singasuzumiridwe. Ikanakhala bakapu wamba ndikanatha kuitsegula tsiku lina n'kuona kuti mulibe kanthu. Koma yokhomedwa, kaya muli detabesi yonse kaya muli mphepo, imaoneka chimodzimodzi, ndipo kiyi wotsegulira ndinamuika dala kutali, m'sefa ya munthu amene amatseka ofesi 4 koloko. Chitetezo chomwecho ndi chimene chinandiphimba m'maso. Inde, kukula kwa fayilo kunkaoneka popanda kiyi. Inde, ndikanayang'ana. Komanso tisaiwale kuti pa miyezi inayi yonseyo palibe wakuba ndi mmodzi yemwe amene anaba deta yathu m'kilaudi. Ndipo seva sinafe, sitinataye kalikonse. Ndinagwidwa ndi mayeso amene ndinaitanitsa ndekha, zomwe mwanjira ina ndi umboni woti ndine munthu wosamala.

Usiku womwewo ndinaika `pg_dump` ya 15. Sikiripiti tsopano imayamba ndi `#!/bin/bash` kenako `set -euo pipefail`, ndipo `&&` uja ndinamuchotsa n'kuika imelo pa mzere wakewake, kuti wina aliyense mu mzerewo akagwa, mzere wonse ugwe, ndipo kufufuta zakale kusachitike. Chomangira pakamwa pa galu chija ndinachotsa. Fayilo ikakhala yosafika theka la ya dzulo, siitumizidwa, m'malo mwake foni yanga imalira. Ikatumizidwa, `rclone check` imayerekeza ya kuno ndi ya uko, koma dziwani kuti imeneyi imangotsimikiza kuti katundu wafika monga ananyamukira. Mabokosi anga opanda kanthu aja akanakhoza mayeso amenewa tsiku lililonse.

Umboni weniweni ndi wa Lachisanu. Ndimakoka fayilo kuchokera ku kilaudi, osati kope la mu ofesi, n'kuitsegula pa laputopu ina ndi kiyi wa m'sefa. Ndinasinthira ku `pg_dump -Fc`, yomwe imafinya yokha, ndiye kubwezeretsa kumakhala chonchi:

```
pg_restore --exit-on-error -d mayeso bakapu.dump
psql mayeso -c "select count(*), max(tsiku) from malisiti"
```

`--exit-on-error` ndi yofunika, chifukwa popanda iyo `pg_restore` ikapunthwa imangopitirira, n'kudzakuuza chiwerengero cha zolakwika kumapeto, iwe utayamba kale kulongedza. Lachisanu loyamba inaimadi panjira, ikudandaula kuti `role "kashiya" does not exist`. Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti `pg_dump` imatenga detabesi imodzi, koma maina a olowera ndi mapasiwedi awo ndi a seva yonse, amafuna `pg_dumpall --globals-only` payokha. Bakapu inali yodzaza ndithu, koma pa seva yatsopano kashiya sakanalowa. Mwamwayi ulendo uno panalibe pulojekita.

Mzere wachiwiriwo ndi umene ndimaukhulupirira. Chiwerengero cha malisiti chiyandikane ndi cha pa seva yeniyeni, ndipo tsiku lomaliza likhale la dzulo. Likakhala la mu Malichi, ndiye kuti ukukopera seva yakale imene aliyense anaisiya. Ndimalembanso nthawi imene zonse zatenga, chifukwa abwana funso lawo ndi limodzi: zikavuta, tidikira mpaka liti? Ndi intaneti yathu, pafupifupi ola. Ndimasindikiza pepala, akawuntanti amasainira, osawerenga.

Bilu ya kilaudi yakweranso, ndipo abwana andifunsa chifukwa chake kawiri. Akawuntanti akandiona pakhomo Lachisanu amafuula kuti, "Mwabwera kudzafuna achibale?" Lachisanu lapitali sindinayese n'komwe, chifukwa anapita ku chinkhoswe ku Ntcheu ndi kiyi wa sefa m'chikwama. Akuti abwera Lolemba, mwina Lachiwiri.