Zikomo nonse amene munatigwira dzanja tsiku lomwe tinaberedwa ndi mfuti

Papita masabata atatu chichitikireni zija ndipo lero ndi pomwe ndapeza mphamvu zolemba. Shopu tatsegulanso, ine ndi mnyamata amene amandithandiza tili moyo, ndiye ndati ndithokoze poyera chifukwa lipoti lomwe tinapereka kupolisi ndikanakhala ine ndekha bwenzi lili losokonekera zedi.

Kwa amene simunamve bwinobwino, zinayenda chonchi. Anali anthu atatu, Lachinayi madzulo tikukonzekera kutseka. Woyamba analowa ngati kasitomala nkufunsa tchaja, ine ndikutembenuka kuti nditenge wachiwiri anali atalowa kale mfuti yaing'ono ili m'manja, wachitatu anaima pakhomo nkukankha chitseko. Anatiuza tigone chafufumimba, anakhuthula ndalama zonse za mu dilowa, anatenga mafoni atsopano 9 ndi foni yanga yomwe, nkutuluka.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi a shopu yoyandikana nafe. Amayi inu Mulungu akudalitseni. Anthu atayamba kukhamukira munaima pakhomo nkukaniza aliyense kulowa, mpaka munandigwira dzanja ine ndikufuna kupukuta galasi la pa kauntala, kuti pamenepo pagwira akubawo ndipo apolisi adzafuna zidindo za zala. Kenako munatipatsa aliyense pepala lake nkutikhazika motalikirana, munvekere musakambirane kaye, aliyense alembe zomwe waona yekha. Nthawi imeneyo ndinkanjenjemera moti sindinamvetse, koma pano ndazindikira kuti anthu awiri akangoyamba kufotokozerana, nkhani zawo zimasakanikirana ndipo sudziwanso kuti ichi ndinachiona kapena ndinangochimva.

Mapepala aja anaonetsadi kusiyana. Ine ndinalemba kuti wamfutiyo anali wamtali kwambiri, koma munthu ukagona pansi aliyense amaoneka chimphona. Mnyamata wanga anakumbukira kuti mutu wa wamfutiyo unkalekezera pa shelefu yachitatu, tinayeza ndi tepi nkupeza pafupifupi masentimita 170, msinkhu wapakati chabe. Ine chomwe ndinaonetsetsa ndi chipsera pa dzanja lake lamanzere pafupi ndi chala chachikulu pomwe ankakoka dilowa, komanso woyamba uja ankatsimphina pang'ono mwendo wakumanja. Bambo wapolisi amene anatenga sitetimenti, zikomo poleza nane mtima, munandifotokozera kuti jekete ndi kapusi munthu amavula akangokhota pakona koma chipsera ndi kayendedwe sangazisiye. Pa kapusi tinasiyana, ine ndinkati yakuda mnyamata ankati yabuluu, ndipo munalemba zonse ziwiri momwe aliyense ananenera. Wachitatu nkhope sindinamuone ndipo lipoti likunena choncho basi.

Za nthawi nazo, ine ndikanalumbira kuti tinagona pansi paja theka la ola. Koma lisiti lomaliza linatuluka 6:52 ndipo foni ya amayi aja ikuonetsa kuti anaimbira apolisi 6:59, kutanthauza kuti zonse zinachitika m'kati mwa mphindi 7. Achimwene a tsidya lina la msewu, zikomo pokopera vidiyo ya kamera yanu pa fulashi usiku womwewo makina asanajambule zina pamwamba pake, ndiponso potiuza kuti wotchi ya kamerayo imatsalira ndi mphindi 11, pakanapanda zimenezo nthawi zikanatsutsana.

Alamu anga, inu ndiye munachezera nane pa mndandanda wa katundu. Ine ndinkangoti mafoni 9, inu munati ayi, foni iliyonse ilembedwe mtundu, kalala ndi IMEI yake, nambala ija ya manambala 15 yomwe imakhala pa katoni komanso imatuluka ukaimba *#06#, ndipo ya malaini awiri imakhala ndi ziwiri. Munthu akasintha simukhadi nambala imeneyi imakhala yomweyo, ndiye ndi yomwe ingasonyeze kuti foni yopezeka kwinakwake ndi yathu. Mafoni 6 anawatenga pa galasi nkusiya makatoni ndiye sizinavute, atatu enawo anapita ndi makatoni omwe koma amene timaodako anafufuza mu mabuku awo nkutitumizira mmawa mwake, zikomo kwambiri. Ya foni yangayanga sindinailembe paliponse ndipo katoni ndinataya kalekale, chomwe ndinakwanitsa ndi kutseketsa laini basi, zimandipweteka mpaka pano.

Nkhani ikadali m'manja mwa apolisi, nambala ya mlandu tinapatsidwa ndipo tikudikira. Ndipo iwe mphwanga amene unagona nane pansi paja, mfuti itakuloza kumsana koma unakumbukirabe shelefu ija, ndinakuuza upume mwezi wonse koma Lolemba ndinakupeza uli pakhomo ukundidikira kuti titsegule. Zikomo mphwanga.