Manambala muziika pomaliza: za vidiyo yanga ya zitumbuwa

Vidiyo ya zitumbuwa ija yatuluka, koma yandidyera Loweruka lathunthu chifukwa cha manambala okha, olembedwa pa vidiyo osonyeza ndondomeko ya kaphikidwe.

Kujambula sikunavute. Foni ndinaiimiritsa, osaigoneka, chifukwa pa TikTok ndi pa WhatsApp pamafunika 9:16, ndipo ndinaitsamiritsa pamalo amodzi osaisunthanso. Ndinali ndi tizidutswa tisanu ndi kamodzi: kusenda nthochi, kuzikanya, kuthira mgaiwa ndi kamchere, kusakaniza, kuumba, kukazinga. Kalikonse ndinakadula ndi Split n'kusiya masekondi anayi kapena asanu, pamene manja akugwiradi ntchito.

Tsono chimene chinandiwawa ndi ichi. Mu pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito, mawu amakhala pa mzere wawokha pansi pa mavidiyo, sakhala omatirira ku kachidutswa kake. Ndinalemba bwinobwino kuyambira "1. Sendani nthochi" mpaka "6. Kazingani", kenako n'kuika Dissolve ya theka la sekondi polumikizira paliponse. Kusungunuka kumeneku kumasanjikiza mapeto a kachidutswa kamodzi pa chiyambi cha kanzake, ndiye kuti vidiyo imafupika. Malo olumikizira asanu, masekondi awiri ndi theka apita. Zithunzi zinasendera kutsogolo, mawu n'kutsala pomwe anali. Poonera, zitumbuwa zili kale m'mafuta, zikuchita thovu, pamwamba pakuonekabe kuti "5. Umbani". Palibe chenjezo lililonse limene linabwera! Ndinakhala madzulo onse ndikukoka timabokosi ta mawu ndi chala pa foni yaing'ono, kukonza 3 kukusokoneza 4, mpaka ndinangofufuta onse.

Choncho dulani kaye, lumikizani, onerani mpaka mutakhutira, manambala pomaliza. Mukalemba yoyamba, ikopereni n'kumangosintha mawu, kuti kukula kwa zilembo ndi malo zisamadumphedumphe. Mawu akhale ochepa, oyera okhala ndi mkombero wakuda, chifukwa pa ufa zilembo zoyera zokha zimasowa. Musawaike pansi penipeni kapena m'mbali ya kumanja, TikTok imaika dzina lanu ndi mabatani ake pamenepo.

Ndakumbukanso za kuwala. Jambulani pakhonde pamthunzi, ndipo dinikizani chala pa sikirini kwa kanthawi kuti kamera itseke kuwala, mafoni ambiri amatero. Mukapanda kutero, beseni lomwelo limaoneka loyera mu kachidutswa aka, lachikasu mu kotsatira, ndipo polumikizira pamaonekeratu.

Pobwereza ndinasiya Dissolve pamalo amodzi pokha, pakati pa kuumba ndi kukazinga, pamene nthawi yadutsadi podikira mafuta kuti atenthe. Kwina konse ndinangodula. Zolumikizira zozungulira ndi zothwanima zija zisiyeni, munthu akufuna aone kulimba kwa chosakanizacho, ngati chikugwirana poumba. Phokoso la mafuta sindinalichotse, nyimbo n'kutsitsa.

Musanatulutse vidiyo yomalizidwa ndi Export, pa 1080p, onerani kamodzi mutazimitsa phokoso ndi nyimbo zonse, mukungowerenga manambala. Ndipo mukadulanso ngakhale sekondi imodzi, muwayang'anenso onse kuyambira pamene mwadulapo.