Lachinayi: boti la malemu ndi mchenga wa pachithunzi

Lero ndinafika kusitudiyo dzuwa lisanapse, chifukwa ntchito ya bambo a ku Makawa aja inali isanathe ndipo anati abwera madzulo. Chiliza cha bambo awo akukavundukula Loweruka, ndiye akufuna chithunzi chachikulu cha mufelemu choti chikaikidwe patebulo. Chithunzi chimene ali nacho n'cha malemuwo ataima pagombe dzuwa litangolowa, manja kumbuyo. Pempho lawo n'loti kumbuyoko, pamadzi, pakhale boti lawo lamatabwa lomwe anagwira nalo usipa zaka zambiri. Botilo linagulitsidwa, koma mwana wawo analijambula pafoni tsiku lina masana.

Dzulo ndinamusiyira mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchito kuti mu Photoshop alidule botilo n'kulimata. Kudula wadula bwino, sindinganame, ngakhale zingwe za kutsogolo sanazidye. Mtundu waukonzanso, boti lada mofanana ndi kachisisira, ndipo mthunzi wake pamadzi ulipo. Koma nditangokhala pampando diso linathamangira pabotipo. Linkaoneka ngati sitika yomata pagalasi la minibasi.

"Amalume, ndayesa zonse, kodi chalakwika n'chiyani?"

Ndinamuuza adinde `Ctrl+1` kuti tione chithunzi pa 100%, poti iye ntchito yonse amaigwira chithunzi chitachepetsedwa kuti chikwane pasikirini, ndipo pamenepo kompyuta imabisa zambiri. Titayandikitsa, nkhani inaonekera yokha. Madzi, thambo, malaya a malemu, zonse zili ndi timadontho tosakhazikika, tija ife muno timati mchenga, ena amati noizi. Chithunzicho chinajambulidwa ndi kamera yaikulu pa ISO 3200, kuwala kunali kochepa, ndiye mchenga ndi wambiri. Boti lokha ndi see, ngati mbale yotsuka. Linajambulidwa dzuwa lili pamutu, foni inalisalaza kale mkati mwake monga mafoni amachitira, ndipo ife tinalichepetsa katatu kuti likwane pamalo pake. Ukachepetsa chithunzi, mapikiselo angapo amasakanikirana kukhala imodzi, ndiye kamchenga kochepa komwe kanalipo kamatheratu.

Mnyamata anati noizi anaika kale. Anaikadi. Anapanga leya yotuwa ya `50% Gray`, anathira `Add Noise`, n'kuika leyayo pa `Overlay`, monga momwe ambiri amaphunzitsira. Pakati pa boti pomwe pali utoto wobiriwira mowala, timadontho tinalipo. Koma kunsi kwa boti, kumene kuli bii, kunalibe kanthu. Apa ndi pamene ndinakoka mpando wina kuti akhale, chifukwa ichi n'chimene ndinachedwa kuchimvetsa inenso.

`Overlay` amachulukitsa. Pamalo akuda, mphamvu ya timadontho imatsika pamodzi ndi kuda kwa malowo, moti pakuda kwenikweni palibe chimene chimasintha. Pamalo oyera kwambiri zimazimiriranso chimodzimodzi, ndipo amagwira mwamphamvu pakatikati pokha. Kamera siichita choncho. Pachithunzi cha madzulo ngati ichi, mchenga umaonekera kwambiri mumdima, poti kumeneko kuwala kofika pa sensa n'kochepa, ndipo kumalo owala umachepa. Ndiye leya ya mphwangayo inkathira mchenga pomwe sufunika kwambiri n'kumana pomwe ukufunika. Kunsi kwa boti kwagundana ndi madzi akuda odzaza timadontho, ndiye msoko wonse unali poyera ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa thalauza lakale.

Tisanakonze, ndinafuna tiyeze kaye, osangodalira maso. Maso anga ikakwana 10 koloko m'mawa kuno ku Mangochi, thukuta lili kamukamu, sindiwakhulupirira kwenikweni. Tinatsegula `Histogram` pa `Expanded View`, pomwe pamaoneka nambala ya `Std Dev`. Nambala imeneyi imanena kuti mapikiselo a pamalo amene wasankha akusiyana motani, ndiye ukasankha malo osalala opanda mizere, chimene ukuyeza ndi mchenga wokhawokha. Tinasankha kabokosi kakang'ono pamadzi akuda pafupi ndi boti, pomwe panalibe funde: 6.2. Kabokosi kofanana pa thabwa lakuda la boti: 1.3. Pathambo, pomwe kunali kukadali kuwala, panatuluka 3.5. Manambala atatu amenewa ndinawalemba pakapepala n'kumata pakhoma. Chenjezo lake n'loti kabokosiko kakangogwira mzere wa thabwa kapena malo amene mdima ukusintha pang'onopang'ono, nambala imakwera ndipo imakunamiza.

Magetsi anathima chakuma 11, batire la kompyuta yanga ndi lija lokalamba, ndiye tinatseka n'kupita kukadya chambo cha pafupi ndi mlatho. Pobwerera ndinapeza magetsi abwera.

Tinataya leya yakale n'kuyamba ina. Yotuwa ya `50% Gray` yomwe ija, kenaka `Ctrl+Alt+G` kuti igwire boti lokha, osakhudza madzi amene ali ndi mchenga wawo kale. Pa `Add Noise` tinasankha `Gaussian`, chifukwa mchenga wa kamera umakhala choncho: timadontho tambiri n'tofooka, tamphamvu n'towerengeka. `Uniform` amatulutsa timadontho tooneka ngati tonse tinabadwa tsiku limodzi. Tinachonga `Monochromatic`, `Amount` tinaika 8, ndipo leya tinaiika pa `Linear Light`, amene amawonjezera kapena kuchotsa kuwala mofanana, kaya pakuda kaya poyera.

Mnyamata anafuna kuthamangira `Opacity` kuti nambala ifike pa 6, ndinamugwira dzanja. Kukula kwa kadontho kumayamba, mphamvu pambuyo. Tinayandikitsa mpaka 400%, theka la sikirini madzi, theka boti. Timadontho ta `Add Noise` kalikonse ndi pikiselo imodzi, kakuthwa ngati mchere. Ta pamadzi n'tonenepa pang'ono, tofewa m'mbali, tina togwirana tiwiri titatu ngati timibulu ta mgaiwa wonyowa. Zimakhala choncho chifukwa pa sensa pikiselo iliyonse imaona mtundu umodzi wokha, ndipo kamera imabwereka kwa oyandikana nawo kuti ipeze mitundu inayo, ndiye mchenga umafalikira kwa anansi. Kuti zifanane tinapaka `Gaussian Blur` pa leya ya mchengayo. Pa 0.3 timadontho tinali tikadali takuthwa. Pa 1.0 tinasanduka phala. Tinakhazikika pa 0.6. Kufewetsa kumeneku kumadya mphamvu ya mchenga kwambiri, n'chifukwa chake kuyeza mphamvu usanafewetse n'kutaya nthawi. Titatero tinatsitsa `Opacity` pang'onopang'ono, tikuyang'ana kabokosi ka pathabwa kaja, mpaka nambala inafika 6.1. Panali pafupi ndi 30%.

Tsopano kunsi kwa boti kunali bwino, koma mzere woyera wa m'mphepete mwa boti, pomwe malemu analemba dzina la botilo, unali ndi mchenga wopyola muyeso, ngati wina wawaza tsabola. Apa ndi pomwe nambala ya pathambo ija inagwira ntchito. Mu `Layer Style` muli `Blend If`, ndipo pa mzere wa `Underlying Layer` tinagwira `Alt` n'kugawa pakati kachizindikiro koyera ka kumanja, theka limodzi n'kulikokera chapakati. Ukatero mchenga umachepa pang'onopang'ono pamene malo akuwala, osaduka mwadzidzidzi. Tinakoka mpaka utoto woyerawo unapereka nambala yoyandikira 3.5.

Ndinkayesa tamaliza. Mphwanga ndi amene anaona chotsala, ndipo ndinakondwa mumtima ngakhale sindinamuuze. Anati madzi akuoneka ngati ali ndi timawanga tofiirira ndi tobiriwira, pomwe boti ndi lotuwa mchenga wake. Tinatsegula `Channels` n'kuona umodziumodzi. Pa `Green` boti ndi madzi zinali pachibale. Pa `Blue` madzi anali ndi mabala akuluakulu ngati chikanga, boti lili phee. Si zachilendo, `Blue` ndi amene kawirikawiri amakhala ndi mchenga wambiri. Tinapanga leya yachiwiri mofanana ndi yoyamba koma osachonga `Monochromatic`, n'kuifewetsa kwambiri, mapikiselo 2, chifukwa mawanga a mtundu amakhala aakulu kuposa timadontho ta kuwala. Mphamvu yake tinaisiya pansi, yongokwanira kuti pa `Blue` malire asaoneke. Zitatero nambala ya pathabwa inakwera pang'ono, ndiye leya yoyamba tinaitsitsako.

Chomaliza chinanditengera nthawi yaitali kuposa zonse. Nditabwerera pa 100% ndinaona kamzere kosalala kozungulira boti lonse, kopyapyala ngati ulusi, kosawala komanso kosada, kongosalala basi. Mnyamata anafewetsa m'mphepete mwa boti ndi `Feather` ya mapikiselo 8 poganiza kuti msoko wofewa subisika movuta. Koma pamalo pomwe theka ndi boti theka ndi madzi, michenga iwiri yosiyana imasakanikirana, kadontho kowala ka uku kakugwera pa kakuda ka uko, ndipo zimafafanizana. Pakati penipeni pamatsala pafupifupi magawo 7 mwa 10 a mphamvu yake. Pa mapikiselo awiri palibe angaone, koma pa lamba wotambalala choncho diso limagwira. Tinabweza `Feather` pa 1.5, mofanana ndi kufewa kwa m'mphepete mwa mapewa a malemu pachithunzi chomwecho, ndipo kamzereko kanapita. Mthunzi wa boti pamadzi nawo unali ndi vuto lofananako, poti unali wopakidwa ndi burashi yakuda pamwamba pa madzi, n'kukwirira mchenga wa pansi pake. Ndinaufufuta n'kudetsa madziwo ndi `Curves` yokhala ndi chophimba, kuti timadontho ta eni ake tikhalebe pomwepo.

Ndinasindikiza kachidutswa kokha kaye, pomwe pali msoko, pa kukula komwe chithunzi chonse chidzatulukire, masentimita 30 kwa 45. Pepala ndi inki n'zodula, sindingayesere pa chithunzi chathunthu. Ndinakatulutsa panja padzuwa, ndinakapatsa mayi wogulitsa mandasi pakhomo pathu kuti andiuze chomwe chamatidwa. Analoza mtengo wa mgwalangwa umene unalipo kale.

Bambo aja anafika pa kabaza cha m'ma 5 koloko. Anachigwira chithunzicho ndi manja awiri, nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anati, "Achimwene, injini ija mwaisiya kuti?" Pachithunzi cha pafoni botilo linalibe injini, inali itachotsedwa kale. Akuti kunyumba ali ndi chithunzi china chomwe injiniyo ikuoneka, cha pepala, chojambulidwa ndi kamera ya filimu, ndipo abwera nacho mawa m'mawa. Mchenga wa filimu, uja timati gireni, ndi wina, ndipo ameneyo tidzayamba ndi kumuchotsa tisanathire wathu. Ndawapempha kuti pepalalo abwere nalo lenilenilo, asalijambule pafoni n'kutumiza pa WhatsApp. Maleya onse ndawasiya osaphatikiza, ndipo mphwanga ndamuuza afike 7 koloko.