Tsiku lomwe tchati changa chinatsala pang'ono kuchotsetsa munthu ntchito

Abwana anandiuza kuti pa miting'i ya Lolemba akufuna tchati chimodzi chokha, chosonyeza maoda omwe timalandira mwezi uliwonse pamodzi ndi peresenti ya katundu yemwe makasitomala amabweza. Ndinati zosavuta izi bwana, ndikuponyerani pompano.

Maoda anayambira pa 8,000 mu Januwale nkufika 12,000 mu Disembala. Obwezedwa anachoka pa 2.1 peresenti nkufika pa 2.4. Nditaika zonse pa tchati chimodzi mu Excel mzere wa maoda unkaoneka bhobho, koma winawo unangogona pansi phwatalala ngati njoka yopondedwa ndi galimoto, nanga 2.4 aoneka bwanji pa sikelo yofika 14,000? Ndiye ndinadina mzere wakufawo ndi batani lakumanja, Format Data Series, kenako Secondary Axis. Pompo manambala ena anatulukira kumanja, mzere nkudzuka. Ndinaseva, nkudziombera m'manja ndekha.

Chomwe sindinayang'ane ndi manambala a kumanjawo. Excel ali ndi kakhalidwe kake, manambala ako akakhala oyandikana kwambiri sayambira pa ziro, amangodula pansi kuti mzere udzaze malo. Kumanzere anayambira pa 0, koma kumanja anayambira pa 1.95 nkuthera pa 2.45. Ndiye kakusintha ka 0.3 kaja kanatambasuka kuchokera chapansi mpaka kudenga, ndipo chakumapeto kwa chaka mzere wofiirawo unadumpha wa maoda nkukhala pamwamba.

Pulojekita itayaka abwana anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. "Mukundiuza kuti pofika kumapeto kwa chaka katundu wobwezedwa anaposa yemwe tinagulitsa?" Maso onse kwa mayi oyang'anira zopakira katundu, omwe anali akumwetulira chifukwa sankadziwa kuti ali pa mlandu. Mkulu wina yemwe sanalankhulepo pa miting'i chilembedwereni ntchito anati iyeyo zimenezi anaziona kalekale. Ine thukuta kamukamu, ndikuyesa kufotokoza kuti mizere iwiriyo siyinakumane zenizeni, wina akuwerengedwa kumanzere wina kumanja, koma pakamwa pankangotuluka "eeh, kungoti bwana, sikelo".

Anandipulumutsa ndi mayi omwewo. Anapempha laputopu, kulowa mu Format Axis, pa Minimum kulemba 0, pa Maximum 5. Mzere woopsa uja unatsika nkukhala pakati, wongopendekeka pang'ono. Anasinthanso Maximum kukhala 2.5, mzere unakwera nkukhala pamwamba pa wa maoda chaka chonse. "Bwana, musankhe yomwe mukufuna, mwezi womwe mizere ikumane ndikhoza kukuikirani." Manambala anali omwewo osasintha olo limodzi.

Vuto la sikelo ziwiri lagona pamenepo. Malo omwe mizere yadutsana satanthauza kalikonse, kutalikirana kwake nakonso, ngakhale kuti wina akukwera mwamphamvu kuposa mnzake, zonsezo zimachokera kwa yemwe wasankha poyambira ndi pothera. Koma diso la munthu likaona mizere iwiri m'bokosi limodzi limayerekeza basi, silifunsa. Mukhoza kupangitsa zinthu zosagwirizana nkomwe kuoneka ngati zikuyendera limodzi pongokoka sikelo.

Madzulo ake ndinakonza zomwe ndikanapanga poyamba. Funso la abwana linali loti chakula kwambiri nchiyani, ndiye ndinasandutsa Januwale kukhala 100 ku mbali zonse ziwiri, maoda ali mu kolamu B, obwezedwa mu C, Januwale pa B2 ndi C2:

```
=B2/B$2*100
```

Kukokera pansi, chimodzimodzi pa kolamu C. Maoda anathera pa 150, peresenti ya obwezedwa pa 114, zonse pa sikelo imodzi, palibenso cha kumanja. Njira ina ndi matchati awiri, china pamwamba china pansi, miyezi itayang'anizana, chilichonse ndi sikelo yake. Ndipo ngati mukufuna kuona ngati maoda akachuluka obwezedwa amachulukanso, pangani Scatter, osati mizere iwiri.

Sikuti Secondary Axis ndaitaya ayi. Ndimaigwiritsabe ntchito zinthu zikakhala zoyezedwa mosiyana, koma china ndimachiika m'mabokosi oimirira china mzere kudzera pa Combo kuti pasakhale za kudutsana, mbali zonse kuyambira pa ziro, manambala a kumanja kuwapaka mtundu wa mzere wake nkulemba kuti ndi peresenti. Zikakhala zoyezedwa mofanana, maoda a nthambi yaikulu ndi yaing'ono mwachitsanzo, sindiyerekeza dala, yaing'onoyo ingaoneke ngati ikufanana ndi yaikulu.

Tchati chatsopano ndinatumiza pa imelo ndi chipepeso. Abwana anayankha kuti zikomo, koma choyamba chija chinali chokongola, ndiwasungire.