Maminitsi a msonkhano wa polojekiti ndi kalata imene inasowa mwini

Ndakhala mlembi wa msonkhano wathu wa Lolemba lililonse kwa miyezi 8, koma ndi masabata apitawa pomwe ndayamba kutuluka m'chipindamo mtima uli m'malo. Za kulemba tsiku, mayina a amene abwera ndi amene apepesa sindikambapo, chifukwa aliyense amazidziwa. Chimene chinandizunza ine ndi chiganizo chimodzi chimene ndinachilemba ndi dzanja langa.

Polojekiti yathu inkadikira zipangizo, ndipo kampani yotigulitsa inafuna kalata yotsimikiza kuchuluka kwake isanatumize katunduyo. Titakambirana, ndinalemba m'maminitsi kuti, "Anthu anagwirizana kuti kalata itumizidwe msanga." Panapita masabata 3 zipangizo osaoneka, ndipo apampando anandiuza kuti ndifufuze amene anapatsidwa ntchitoyo. Lachitatu lonse linathera pamenepo. Ndinawerenga masamba 12 a maminitsi, momwe ndinalembamo mwaluso zonse zimene uyu ananena ndi zimene uja anayankha, koma dzina la wolemba kalata munalibe. A zogulagula ankaganiza kuti alemba a zachuma, a zachuma nawonso ankadikira apampando, ndipo popeza pepala langa silinatchule munthu, mlandu unagwera ine. Mpaka lero mawu akuti "msanga" ndikawamva pamsonkhano amandinyansa.

Kuyambira pamenepo ntchito iliyonse imakhala ndi dzina la munthu mmodzi ndi tsiku lenileni. Sindilemba dzina la dipatimenti, ndipo anthu awiri akadzipereka ndimafunsa pomwepo kuti, "Ndilembe dzina la ndani?" Winayo akhoza kuthandiza, koma wodzayankha Lolemba ndi mmodzi.

Ndinalekanitsanso zinthu ziwiri zimene ndinkazisakaniza. Maminitsi tsopano ndi tsamba limodzi la zimene zagamulidwa ndi chifukwa chake mwachidule, ndipo sabata iliyonse amakhala atsopano. Mndandanda wa zochita ndi umodzi wokha umene umapitirira mpaka polojekiti idzathe, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala yosasintha, ntchito, mwini wake, tsiku lomalizira ndi pamene yafika. Kalata ija ndikanailemba pamndandandawu lero, mzere wake ukanati nambala 23, kutumiza kalata yotsimikiza zipangizo kwa ogulitsa, dzina la mkulu wa zogulagula, Lachinayi pa 14, sinayambike. Ntchitoyo iyenera kulembedwa moti aliyense athe kuona ngati yatha. "Kuunika nkhani ya zipangizo" si ntchito, chifukwa munthu akhoza kuunika chaka chonse, pamene kalata imakhala kuti yapita kapena sinapite.

Ndikanayenera kunena poyamba kuti mndandandawu umawerengedwa kumayambiriro kwa msonkhano, nkhani zatsopano zisanalowe. Kale tinkausiya kumapeto, nthawi n'kutithera, anthu n'kumanyamula zikwama. Tsopano timaupatsa mphindi 10 zoyambirira, ndipo mwini mzere amayankha kuti yatha, ili m'kati kapena yaima. Yankho lakuti "ili m'kati" ndi limene anthu amabisalamo kwambiri, choncho ndimafunsa chimene chatsala ndi tsiku latsopano. Tsiku lakalelo sindilifufuta ayi, ndimalemba latsopano pambali pake, moti mzere ukakhala ndi masiku atatu otsatizana apampando amaona okha kuti pali vuto, ndipo amafunsa ngati ntchitoyo igawidwe, ipatsidwe wina kapena ingochotsedwa. Yaima ikatchulidwa, chimene chaiimitsa chimasanduka mzere watsopano, nawonso wokhala ndi dzina la munthu mmodzi ndi tsiku lenileni.

Cholakwa china chimene ndinachita ndi kulemba dzina la munthu amene sanabwere. Anzake anamupachika ntchito iye kulibe, ndipo sabata yotsatira anakana kuti sanauzidwe, zimene zinali zoona. Masiku ano zikatero ndimalemba dzina la amene akamuuze, mpaka mwiniwakeyo avomere.

Tisanabalalike ndimapempha mphindi 2 kuti ndiwerenge mokweza mizere yatsopano, ndipo n'zodabwitsa kuti kawirikawiri pamapezeka wina wonena kuti iye anamva Lachisanu, osati Lachinayi. Maminitsi ndimawatumiza tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, anthu asanaiwale, ndipo wofuna kukonza kanthu amatero pofika Lachitatu. Mndandanda sindiutumizanso ngati fayilo, chifukwa nthawi ina tinapezeka tili ndi makope 4 osiyana, aliyense akutsutsa mnzake ndi kope lake. Umakhala pamalo amodzi pamene onse amaufikira, koma wotseka mzere ndine ndekha, ndipo sinditseka ndisanaone chinthucho. Mzere wa kalata yachiwiri ya kwa ogulitsa ndinautseka dzulo, mwini wake atandionetsa kope lake ndi yankho limene linabwera.