Kasungunulidwe ka Thanzi ndi kamwetsedwe kake kwa mwana wotsegula m'mimba

Mwana akamatsegula m'mimba, ndisanang'ambe paketi ya Thanzi ORS ndimayamba ndamuona kaye mwanayo. Ndimayang'ana ngati maso alowa m'kati, ngati ali tcheru kapena wangolefuka, ndipo ngati ndi khanda ndimagwira paliwombo. Kenako ndimatsina khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, n'kulisiya. Khungu la mwana amene ali ndi madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likamazengereza pang'ono, madzi ayamba kuchepa. Likaima kupitirira masekondi 2, kapena mwana akulephera kumwa ndi kuyamwa, kapena wafooka moti sakudzidzimuka bwino, imeneyo si ya pakhomo. Tinyamuke kupita kuchipatala komwe akamuike dilipi, ndipo ngati akutha kumeza timumwetse pang'onopang'ono m'njira.

Tiyeni titenge mwana wa miyezi 14 amene m'buku lake la kusikelo alembamo makilogalamu 9. Watsegula kasanu kuyambira m'mawa, akuliralira, maso alowa pang'ono, ndipo mukamuonetsa kapu akuilanda ndi ludzu. Uyu ndi amene Thanzi amamuthandiza kwambiri, ndiponso ndi amene timalakwitsa naye kwambiri.

Ndimasamba m'manja ndi sopo, n'kutsuka chiwiya chokhala ndi chivindikiro, supuni yotakasira, kapu ndi kasupuni ka tiyi. Madzi akhale owiritsa ndi kuzizira, kapena othira kolorini amene adikira mphindi 30. Osasungunula m'madzi otentha, ndiponso mukasungunula musawiritsenso.

Tsono pa muyezo wa madzi ndi pamene pagona nkhani. Paketi imene timalandira kuchipatala ndi ya lita imodzi, koma ndimawerengabe zolembedwa kumbuyo nthawi zonse, chifukwa m'masitolo ogulitsa mankhwala muli mapaketi ena ang'onoang'ono opangidwira kapu imodzi. Lita sindiiyesa ndi maso. Ndimatenga botolo la madzi akumwa la mamililita 500, lotsuka bwino, n'kulidzaza kawiri kufika pamene madzi amalekezera likakhala latsopano. Ngati chomwe chilipo ndi botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi la mamililita 300, ndimathira mabotolo atatu ndi limodzi la magawo atatu a botolo lachinayi. Makapu a pakhomo ndi osadalirika: ina imatenga mamililita 200, ina 400, ndipo mawu akuti “makapu asanu” amabweretsa madzi osiyana nyumba ndi nyumba.

Ndikathira madzi, ndimang'amba paketi n'kukhuthulira ufa wonse, ndikugwedeza kuti pasatsale kanthu m'makona. Ufa wabwino ndi woyera ndi woyoyoka. Ukakhala wachikasu, wonyowa kapena woumbika ngati mwala, paketiyo inalowa chinyezi ndipo ndimatenga ina. Ndimatakasa mpaka pansi pa chiwiya pasaoneke timibulu. Ndiye ndimalawa: mchere wake usapose wa misozi.

Anthu ambiri amafuna kusunga, ndiye amatapa theka la ufa n'kuthira m'kapu kuti wina adzagwiritse mawa. Ndimakaniza zimenezi. M'paketi ya lita imodzi muli magalamu 20.5 a ufa: 13.5 ndi shuga wa gulukosi, 2.6 ndi mchere wamba, 1.5 ndi mchere wa potaziyamu, ndipo 2.9 ndi sitireti amene amathandiza kuchepetsa asidi m'magazi. Mukatapa ndi supuni simungadziwe kuti mwatenga wochuluka bwanji, ndipo kawirikawiri madzi a m'kapu amachepa poyerekeza ndi ufawo.

Chifukwa chake chili m'matumbo. Khoma la matumbo lili ndi njira yolowetsera mchere pamodzi ndi gulukosi, ndipo ziwirizi zikamalowa zimakoka madzi kulowa nazo m'magazi. Njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale mwana akutsegula kwambiri, ngakhale ndi kolera. Koma imafuna muyezo wake. Madzi osungunulira akachepa, shuga ndi mchere zimachuluka m'matumbo ndipo m'malo molowa zimakokera madzi kunja kwa thupi, kutsegula n'kuwonjezeka. Mchere ukakwera m'magazi mwana amakhala ndi ludzu losatha, amakwiyakwiya, mpaka amatha kukomoka. Madzi akachuluka kupitirira lita, ngozi yake ndi yocheperako koma mchere umene mwana wataya subwerera mokwanira. Pa chifukwa chomwechi sindiwonjezeramo shuga, sobo, mkaka kapena madzi a zipatso kuti akome, ndipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo sizilowa m'malo mwa Thanzi ngakhale mwana azikonde bwanji.

Tabwera pa kumwetsa. Mwana wathu wa makilogalamu 9 uja waonetsa kale zizindikiro zoti madzi achepa, choncho akufunika mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola 4. Tikachulukitsa 75 ndi 9 tikupeza 675, kutanthauza pafupifupi 170 pa ola. Kasupuni ka tiyi kamatenga mamililita 5, ndiye pa ola ndi timasupuni 34, kamodzi pa mphindi ziwiri zilizonse kapena kufulumirako pang'ono. Kawirikawiri maola anayi amenewa amachitikira pachipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kuti pakhale womuonanso mwanayo, koma womwetsa ndi mayi kapena womulera.

Ndimawauza kuti: “Amayi, khalani pansi bwinobwino, mwanayu mumukhazike pamiyendo mutu uli m'mwamba. Ntchitoyi ndi yotenga nthawi.” Ndimathira Thanzi pang'ono m'kapu, chiwiya chachikulu n'kuchivindikira, kuti supuni yochokera m'kamwa isabwerere m'madzi onse. Kasupuni ndimakalowetsa cha m'mbali mwa kamwa, pakati pa tsaya ndi nkhama, n'kupendeketsa pang'ono kuti madzi atsike okha. Ndimadikira ndione pakhosi pagwedezeka, ndiye kuti wameza. Sindimugoneka chagada, sindimutseka mphuno, ndipo ngati wagona tulo tofa nato sindimuthira madzi m'kamwa, chifukwa angapite m'mapapo. Kwa khanda, jakisoni wopanda singano amathandiza kudonthezera m'tsaya momwemo. Botolo loyamwitsira ayi: ndi lovuta kutsuka ndipo mwana amakoka madzi ambiri nthawi imodzi. Mwana wopitirira zaka ziwiri angathe kumwera m'kapu, koma azipsontha pang'ono, wamkulu atagwira kapuyo.

Apa ndi pamene chifundo chimasokoneza. Mwana ali ndi ludzu, akulirira kapu, ndipo agogo ali pambali akuti “Mupatseni amwe akhute, mukumumana chifukwa chiyani?” Mukamusiyira kapu yodzaza amagugudiza yonse, m'mimba mumatambasuka mwadzidzidzi, pasanathe mphindi zochepa wasanza zonse, ndipo aliyense amati Thanzi wamukana. Chimene wakana ndi liwiro. Madzi a kasupuni kamodzi amadutsa m'mimba kupita m'matumbo ena asanafike, choncho ngakhale mwana wochita nseru amawasunga.

Akasanza, ndimaleka kwa mphindi 10, ndikuyang'ana wotchi kapena foni chifukwa mphindi khumi za m'mutu zimafupika mwana akamalira. Kenako ndimayambanso mochedwerapo, kasupuni kamodzi pa mphindi 2 kapena 3. Kusanza kumachitika kwambiri m'maola awiri oyambirira ndipo kumachepa madzi akayamba kubwerera m'thupi. Komanso zimene zatuluka pansalu zimaoneka zambiri kuposa mmene zilili. Gawo lina linalowa kale. Koma ngati akusanza chilichonse ngakhale tachepetsa chonchi, apite kwa dokotala.

M'maola onsewa bere sililekedwa. Akafuna kuyamwa, ayamwe, kenako tipitirize ndi supuni. Akamaliza muyezo wake nthawi isanakwane ndipo akufunabe, ndimamuwonjezera. Ndikaona zikope zatupa, ndimaimitsa Thanzi n'kumupatsa bere kapena madzi wamba mpaka kutupako kutatha.

Pakatha maola anayi ndimamuonanso monga poyamba paja: maso, khungu, kamwedwe. Chizindikiro chimene ndimachidalira ndi mkodzo. Thewera likanyowa ndi mkodzo, m'kamwa mukabwerera malovu, ndipo mwana akasiya kulanda kapu n'kuyamba kusewera kapena kugona tulo tabwino, madzi abwerera. Liwombo nalonso limadzuka lokha. Kulowa kwake ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, choncho kupakapo mankhwala sikulidzutsa. Ngati zizindikiro zikadalipo, timabwereza maola ena anayi; zikakula, ndi za dilipi.

Kuyambira apa muyezo umasintha. Sitiwerenganso maola, tikungobwezera zimene zatayika. Nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100, amene ndi timasupuni 10 mpaka 20, ndipo wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200. Uwu ndi muyezo womwenso timayambira nawo kwa mwana amene wangoyamba kutsegula ndipo sanaonetse chizindikiro chilichonse. Kamwetsedwe ndi komwe kaja, pang'onopang'ono. Thanzi wosungunula amakhala maola 24 okha atavindikiridwa pamalo ozizira. Amene ndasungunula 8 koloko m'mawa ndimataya mawa lake nthawi yomweyo ngakhale atatsala theka, chifukwa madzi a shuga amaswetsa tizilombo.

Chinthu chimene ndimanena mosabisa ndi chakuti Thanzi saletsa kutsegula m'mimba. Makolo akapanda kumva zimenezi, amamwetsa tsiku limodzi, n'kuona chimbudzi chikupitirira, n'kusiya kuti akafune makapisozi pagolosale. Ntchito ya Thanzi ndi kusunga madzi ndi mchere m'thupi pamene matumbo akuchira. Chimene chimafupikitsa matendawa ndi zinki, amene Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse linalimbikitsa mu 2004 kuti aziperekedwa limodzi ndi ORS. Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amamwa piritsi limodzi la mamiligalamu 20 pa tsiku, wosakwana miyezi 6 theka lake, kwa masiku 10 mpaka 14 monga anenera achipatala, ngakhale kutsegula kutasiya pa tsiku lachitatu. Piritsilo ndimalisungunula pasupuni ndi mkaka wa m'mawere kapena Thanzi pang'ono, osati m'chiwiya chachikulu chija. Zinki amatha kuchititsa nseru m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndiye ndi bwino kumupatsa atadya. Chakudya chibwerere msanga: phala lothira nsinjiro, nthochi yakupsa, pang'ono koma kawirikawiri.

Paketi ikasowa usiku, ndimasungunula timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, timasupunito tosalaza pamwamba osati tosefukira. Izi n'zongogwirizira mpaka kukacha, chifukwa mulibe potaziyamu ndipo n'zosavuta kuchulutsa mchere.

Ana ena sindiwasunga pakhomo ngakhale akumwa bwino: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana amene m'chimbudzi mwake muli magazi, amene watentha thupi, amene watsegula masiku 14, ndi amene pakatha masiku atatu sakusintha. Chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri, chingakhale kolera ndipo chimatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Mwana wonyentchera kwambiri kapena wotupa mapazi nayenso apite msanga, chifukwa mtima wake sungapirire mchere wa Thanzi wamba pa muyezo uja, ndipo kuchipatala ali ndi madzi ena opangidwira ana otere amene amawapatsa akuwayang'anira.