Ndinalipira kuti mafayilo anga azisungika okha, koma foda ya ntchito sinalimo

Lero ndi tsiku loyamba lomwe ndapuma bwino pa nkhani ya laputopu imeneyi, koma mtima udakali kuwawa ndikakumbukira Lachiwiri lija lomwe ndinataya ku Old Town. Ndimagulitsa zovala ndi nsapato, ndipo mndandanda wa ongongole, malisiti ndi zithunzi za katundu zonse zimakhala mu laputopu. Chaka chatha ya mchemwali wanga inangozima osadzukanso, zonse zinapita. Ndipamene ndinagula hadi draivu yakunja ya 1TB, yolumikiza ndi chingwe cha USB, kuti ine zisadzandionekere.

Ndinanyamuka ku Area 25 m'mamawa pa minibasi, kupita kwa wokonza makompyuta wina amene sindimutchula dzina. Ndinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko masana, magetsi atathima, kenako iye atapita kukadya. Atabwera anadina apa ndi apo kwa mphindi zosakwana khumi, n'kunena kuti, "Mayi, basi zatheka, muzingolumikiza draivuyi, zizichitika zokha." Ndinafunsa kuti, "Achimwene, mafayilo onse alowamo?" Iye anati onse. Ndinalipira, ndinathokoza, n'kumapita.

Patatha masabata atatu ndinafufuta mwangozi fayilo ya ongongole. Sindinadandaule, ndinati ndikaitenga mu draivu. Nditatsegula ndinapezamo nyimbo, zithunzi za ukwati wa msuweni wanga ndi makalata akale. Foda ya ntchito munalibe. Mwamwayi fayiloyo inali idakali mu Recycle Bin, koma usiku umenewo sindinagone. Masabata atatu onsewo ndinkayenda mtima uli m'malo pomwe chilichonse chofunika chinali pamalo amodzi okha!

Chomwe munthu uja anayatsa chimatchedwa File History, chili kale mu Windows, chaulere, ndipo aliyense angathe kuchiyatsa yekha. Vuto lake ndi loti sichikopera laputopu yonse. Chimatenga mafoda ake odziwika, monga Documents, Pictures, Music, Videos ndi Desktop, ndiponso zomwe zili mu Libraries, omwe ndi magulu a mafoda amene Windows imaonetsa pamodzi. Ine foda yanga inali ku chigawo china cha disiki, pa `D:\Ntchito`, chifukwa amene anandigulitsa laputopu anandilangiza kuti ndizisunga zinthu kumeneko. Akanangondifunsa funso limodzi, lakuti mafayilo anu mumasunga kuti, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Ndinayambiranso ndekha pa tebulo la kunyumba. Yanga ndi Windows 11. Mukalumikiza draivu, dinani Start n'kulemba Control Panel, kenako System and Security, kenako File History. Ngati draivu yanu sikuoneka pamenepo, kumanzere kuli Select drive, muisankhe, kenako mudine Turn on. Apo mwayatsa basi, ndipo ndi zokhazo zomwe ndinalipirira tsiku lija.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa pali chinthu choyenera kuchita musanayatse. Tsegulani This PC, dinani draivuyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties, muone pomwe palembedwa File system. Ngati ndi NTFS zili bwino. Ngati ndi FAT32, fayilo imodzi yoposa 4GB singalowemo, ndiye vidiyo yaitali idzakanika. Kuti musinthe mumagwiritsa ntchito Format, koma Format imafufuta chilichonse chomwe chili mu draivumo, choncho chitani idakali yopanda kanthu. Musadabwenso mukaona draivu ya 1TB ikuonetsa 931GB. Ine ndinatsala pang'ono kubwerera kusitolo kukakangana, koma ndi kawerengedwe ka Windows chabe, sanandibere.

Tsopano foda ija. Ndinaidina ndi batani lakumanja, n'kusankha Show more options, kenako Include in library, kenako Documents. Foda sisuntha, imakhalabe pa D, koma tsopano File History imaiwerenga ngati yake. Ngati izi zikukuvutani, ingosamutsani fodayo muiike mkati mwa Documents. Ndinabwerera ku File History n'kudina Run now, ndipo ulendo woyambawo unatenga nthawi ndithu chifukwa cha zithunzi za katundu. Maulendo otsatira amafulumira, poti chimangotenga zomwe zasintha.

Nthawi yokopera imasankhidwa pa Advanced settings. Pa Save copies of files pamabwera patalembedwa kale Every hour, ndipo mungasinthe kuyambira pa mphindi 10 zilizonse mpaka kamodzi pa tsiku. Ine ndinasiya pa ola lililonse. Pansi pake pali Keep saved versions, pomwe pamabwera Forever. Apa m'pofunika kuganiza, chifukwa nthawi iliyonse fayilo ikasintha, File History imasunga ina yatsopano osataya yakale. Ndi ubwino wake umenewo, popeza mukhoza kubwerera ku fayilo ya dzulo mukaononga ya lero, koma draivu imadzaza pang'onopang'ono. Ndinasankha Until space is needed, kuti zakale kwambiri zizichotsedwa malo akachepa.

Koma musakhulupirire mawu a munthu, ngakhale angawa. Yesani kubweza fayilo. Ine ndinapanga kafayilo mu foda ya Ntchito, ndinalembamo "mayeso", ndinadina Run now, kenako ndinakafufuta mpaka mu Recycle Bin momwe. Ndinapita pa Restore personal files, ndinalowa mu fodayo, ndinakasankha n'kudina batani lobiriwira lomwe lili pansi pakati. Kanabwerera pamalo pake. Mivi iwiri yomwe ili m'mbali mwa batanilo imakupititsani ku masiku am'mbuyo ndi am'tsogolo. Ndikanachita zimenezi ndili pa benchi paja, ndalama yanga ndikanabwera nayo.

Mukatsegula draivuyo mudzapeza foda ya FileHistory, ndipo mkati mwake, mu Data, mafayilo ali ndi tsiku ndi nthawi kumapeto kwa dzina, motsatana ndi zilembo za UTC. Nthawiyo imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu ya ku Malawi, ndiye fayilo yomwe inakoperedwa 10 koloko imaonetsa 08. Musamasinthe kapena kufufuta zinthu mmenemo ndi manja, zisiyeni momwe zilili.

Mawu akuti "zizichitika zokha" nawonso anandisocheretsa. Zimachitika zokha ngati laputopu yayaka ndipo draivu yalumikizidwa. Draivu ikakhala m'kabati sabata yonse, palibe chomwe chalowamo, ndipo Windows imayamba kukukumbutsani ndi uthenga wa Reconnect your drive. Ine ndimailumikiza madzulo aliwonse ndikamawerengera zomwe ndagulitsa, ndipo ndisanaichotse ndimayang'ana mzere wa Files last copied on kuti ndione ngati tsikulo ndi la lero. Ndimaichotsa kudzera pa Eject, osati kungozula chingwe. Batire ikatsala pang'ono magetsi kulibe, ndimadikira, chifukwa draivu yanga imadya moto wa laputopu yomweyo ndipo sindifuna izimire pakati pa ntchito.

Draivu sindiyenda nayo. Laputopu imapita m'tauni m'chikwama, draivu imatsala kunyumba, chifukwa chikwama chikabedwa mu depoti zonse ziwiri zilimo, ndiye kuti palibe chomwe ndasunga. Dziwaninso kuti File History imasunga mafayilo anu okha, Windows yeniyeniyo ndi mapulogalamu ayi, amenewo mudzaikanso pa laputopu ina.

Loweruka mchemwali wanga akubwera ndi laputopu yawo yatsopano. Ndawauza kuti tisanadine chilichonse, tiyambe talemba papepala malo onse omwe amasunga mafayilo, ndipo sachoka pakhomo pano asanafufute fayilo imodzi n'kuibweza okha.